Zithunzi Zinayi za Zaina

Amene anagulako mbewu ya chimanga kapena mankhwala a anankafumbwe pa Ulongwe m'zaka zapitazi amamukumbukira Maness Makwinja. Ndi mayi wamtali uja wa m'sitolo ya a Hassani, amene ankati akakuyang'anani kamodzi kuchokera kumutu mpaka kuphazi, munkayamba kukumbukira kuti malaya anu simunasite. Sikuti ankanena kanthu iyayi. Ankakupatsani katundu wanu ndi manja awiri, mwaulemu wake wonse, koma maso ake atagamula kale mlandu.

Diso limeneli anabadwa nalo. Kwawo ndi kwa Nsamala, mwana wachitatu m'banja la alimi a thonje, Akatolika osaphonya misa. Ali sitandade faifi ankabweza kale amayi ake pakhomo kuti akasinthe mpango chifukwa sukugwirizana ndi chitenje. M'kalasi namo anali woyamba chaka ndi chaka. Aphunzitsi ankati mwana ameneyu adzakhala pa mpando wozungulira, ndipo Maness anawasunga mawuwo ngati kalata yomulemba ntchito.

Atasankhidwa kupita ku sekondale anakakhala kwa azakhali ake ku Ulongwe, ndipo n'kumene anapezana ndi Zaina. Zaina anali mwana wa telala wa kuseri kwa mzikiti, wamfupi, wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Masamu ankamuvuta, Chingerezi chinkamuzunguza mutu, ndiye ankakopera manotsi a Maness pakhonde la bambo ake, makina osokera akulira pambali. Mwezi wa Ramadhani Maness ankadya nawo futali dzuwa likalowa. Pa Khirisimasi Zaina ankabwera kwa azakhali aja atanyamula nkhuku yoti bambo ake achinja okha, kuti nayenso adye nawo mpunga.

Ankakondana zenizeni, tisanamizane. Koma chikondi chake chinali ndi mndandanda: Maness patsogolo, Zaina pambuyo, ndipo onse awiri ankaoneka kuti akhutira nazo. Zaina sankagula nsapato asanamufunse mnzakeyo. Atakula anakaphunzira limodzi za chitukuko cha m'midzi ku Zomba, kumapita Loweruka lililonse pa minibasi, mpaka onse anatenga dipuloma. Maness anakhoza bwino kwambiri, Zaina anangodutsa.

Mpando wozungulira uja sunabwere. Maness analembera maofesi mpaka kuloweza CV yake pamtima, kenako analowa m'sitolo ya a Hassani. Ankati n'kongodikirira. Kudikirako kunakwana zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pakati pake anakwatiwa ndi Jasten, mphunzitsi wa pulayimale, n'kubereka mwana wamkazi. Zaina anapita ku Machinga Boma kukagwira ntchito yongodzipereka, yoyenda m'midzi kuyeza ana pasikelo ndi kuphunzitsa amayi kuphika phala la soya. Ankabwera kwawo kamodzi pamwezi atada ndi dzuwa, zidendene zitang'aluka. Maness ankamumvera chisoni, ndipo kunena chilungamo, chisonicho chinkamukomera.

Chimene chinamutsalira Maness ndi ufumu wa zovala. Ukwati uliwonse pa Ulongwe, kaya wa kutchalitchi kaya wa kumzikiti, nsalu ya komiti inkayamba yadutsa m'sitolo ya mbewu. Iye akati iyi, inali yomweyo. Sitoloyo inkanunkha fetereza, koma atsikana ankalowamo ndi mafoni m'manja kudzafunsa kuti pa madiresi awiriwa liti likuwakhala.

Mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, pa gulu la WhatsApp la anzawo a ku Zomba panagwa chilengezo. Bungwe lina lothandiza alimi linkafuna mlangizi mmodzi pa ofesi yake ya ku Balaka. Mmodzi yekha, wa dipuloma ya chitukuko cha m'midzi, wodziwa Chichewa ndi Chiyao, ndipo adzampatsa njinga yamoto. Kulembera kwake kunali kwa pa intaneti, ndipo pafomupo panali mzere woti munthu aikepo adiresi ya tsamba lake la LinkedIn, kuja anthu amaikako maphunziro awo, ntchito zimene agwirapo ndi chithunzi chawo kuti olemba ntchito aziwaona. Maness anawerenga chilengezocho katatu. Pagulupo sanayankhepo kanthu, ndipo sanamuimbire Zaina kuti amuuze.

Lachitatu lake Zaina anatulukira pasitolo, kachikwama kali kukhwapa, thukuta lili kamukamu.

"Chemwali, wachiona cha ku Balaka chija?" anafunsa atangokhala pa thumba la mbewu.

"Ndinangochiona modutsa," anatero Maness. "Ine za mabungwe ndinatopa nazo."

"Ine ndikuyesa, Insha Allah. Tsamba ndatsegula kale, zonse ndalemba. Chatsala n'chithunzi. Ndili nazo zinayi, mutu wandiima. Sankha iwe, ukudziwa kuti ine pa zimenezi ndine wakhungu."

Anamupatsa foni. Choyamba chinali cha tsiku lomaliza maphunziro: Zaina atavala mkanjo ndi chipewa, bambo ake mbali iyi, mayi ake mbali inayo, maluwa apulasitiki m'khosi. Chachiwiri anadzijambula yekha m'minibasi, foniyo itamuyeretsa nkhope mpaka mphuno kusowa, khutu la munthu wina likuonekera pakona. Maness anaseka, Zaina nayenso anaseka.

Chachitatu chinamudula kusekako. Chinali cha tsiku la nikaha ya achimwene ake a Zaina, ku Mangochi, ukwati umene Maness sanapiteko chifukwa mwana ankadwala. Zaina anaima pambali pa galimoto yoyera atavala diresi la lesi la mtundu wagolide lofika pansi, mpango wonyezimira, hina m'manja, kachikwama kakang'ono kakulendewera padzanja. Anali atatchena mothyola khosi. Akanakuuzani kuti ameneyu ndi mkazi wa bwana wa banki, mukanavomera. Diresi limenelo sanasankhe ndi Maness. Ndiye kuti Zaina, kamwana kokopera manotsi, kanatha kudzisankhira kokha chinthu chotere? Anaganiza za bwana wa ku Balaka akutsegula tsamba n'kuona chithunzi chimenechi. Ndani angamusiye munthu wooneka chonchi?

Inali nsanje, nsanje yeniyeni yosafuna dzina lina. Iyenso anaizindikira, koma kuizindikira sikunaichepetse.

Anatsetsereza chala kuti aone chachinayi, ndipo mtima unakhala m'malo. Ichi anamujambula mnzake wa kuntchito, m'mawa wina, pamthunzi wa khoma la laimu. Chinayambira pachifuwa kupita kumwamba. Zaina anavala mpango wabuluu wopanda maluwa ndi bulauzi yoyera, nkhope yosadzola kanthu, maso ali pa wojambula, akumwetulira pang'ono ngati wamva nkhani yosangalatsa. Panalibe galimoto, nsapato ngakhale kachikwama. Kwa Maness chinangosiyana pang'ono ndi chithunzi cha pa chiphaso cha unzika, chimene aliyense amachiphimba ndi chala akamachionetsa kubanki.

"Ichi," anatero, n'kutembenuzira foniyo kwa mwini wake.

Zaina anatukula nsidze. "Chimenecho? Ine ndimaganiza cha ku Mangochi. Aliyense amene wachiona akuti ndinaoneka bwino."

"Ndiye vuto lakelo. Ukufuna ntchito kapena ukufuna mwamuna?"

Mawuwo anatuluka okha, ndipo atangotuluka ena anatsatira, poti bodza likapeza njira silisowa anzake. Maness anayamba kupeka zifukwa, nkhope ili gwa ngati sisitere wa kuchipatala. Anati olemba ntchito amafuna kuona nkhope ya munthu, osati galimoto ya eni. Anati kumbuyo kwa chithunzi kuzikhala koyera, kopanda zosokoneza maso. Cha mkanjo chija anati muli anthu atatu, adziwa bwanji kuti wofuna ntchito ndi uti, mwina alemba bambo ako. Cha m'minibasi anati akadzakuona pa intavyu adzafunsa kuti mwini chithunzi watsala kuti. Anamaliza ndi kunena kuti munthu azivala pachithunzi zimene angavale kuntchitoko, ndipo palibe amene amakwera njinga yamoto atavala lesi.

Ankayankhula uku akudzidabwa yekha kuti nzeru zonamazi akuzitenga kuti. Mumtima ankaseka. Kuyambira kalekale, kwawo kwa Nsamala ngakhale pa Ulongwe pomwe, munthu akafuna kulemekezeka pachithunzi ankaima yense, nsapato zioneke, wotchi ioneke, ndipo ngati pali galimoto pafupi ankaitsamira ngakhale mwini wake asakumudziwa. Chithunzi chodula pachifuwa chinali cha ziphaso ndi cha pamaliro.

Zaina anayang'ana chachitatu chija kanthawi, ngati akutsazikana nacho.

"Chabwino," anatero. "Iwe sunandisocheretsepo."

Anachiika pomwepo, ali pa thumba la mbewu. Nkhope yake inadzaza bwinobwino kabwalo kozungulira kamene tsambalo limaikamo chithunzi. Anathokoza, n'kukakwera minibasi ya ku Liwonde. Maness anamuperekeza ndi maso mpaka pamsewu. Manyazi anamugwira pang'ono, koma panabwera munthu wofuna mbewu ya nandolo ndipo manyaziwo anathera pomwepo.

Loweruka anapempha a Hassani theka la tsiku n'kupita ku Balaka. M'chikwama munali suti yofiirira yobwereka kwa mlamu wake, nsapato zagogoda zatsopano, wigi, ndi magalasi akuda a Jasten. Analunjika ku situdiyo ya a Blasius, pafupi ndi msika. A Blasius anali mkulu wa imvi amene anayamba kujambula nthawi ya mafilimu, pamene munthu unkadikira milungu iwiri kuti udzione. M'situdiyo mwawo munali nsalu yojambulidwa zenera ndi nyumba zosanjikizana za mumzinda wosadziwika, tebulo, telefoni yakale yopanda chingwe, ndi duwa lapulasitiki lofumbirira.

Maness atatuluka kuseri kwa katani atavala zonse, a Blasius anaomba m'manja kamodzi.

"Amayi mwatchena. N'cha kalendala kapena cha pakhoma?"

"N'cha pa LinkedIn. Ndikufuna ndioneke ndense, ndi tebuloli, ndi zeneralo."

Mkuluyo anatsitsa kamera. "Pepani amayi, ndinenepo. Ana a ku koleji amabwera kuno pafupipafupi kudzajambulitsa zimenezo. Kumeneko chithunzi amachiika m'kabwalo, ndipo pafoni kabwaloko kamachepa ngati batani la malaya. Ndiye timajambula kuyambira pachifuwa, kuti nkhope idzaze kopitirira theka. Kumbuyo timaika nsalu yosalemba iyi. Muima apa moyang'ana kukhomo kuti kuwala kugwe pankhope, magalasi muvule, anthu aone maso. Kenako kumwetulira pang'ono, basi."

Maness anamva ngati munthu wamuthira madzi ozizira kumsana. Awa anali mawu ake omwe, mabodza ake a Lachitatu, akutuluka m'kamwa mwa munthu amene sanali pasitolo paja. Kwa kamphindi anakayika. Koma kuvomera kuti a Blasius akunena zoona kunali kuvomera kuti wamupatsa Zaina mpeni wakuthwa ndi manja ake, ndipo zimenezo mtima wake unakana kuzimva. Anadziuza kuti mkuluyu wakalamba ndi zithunzi za mapasipoti, akufuna zophweka.

"Bambo, nsapatozi ndagulira chiyani ngati sizioneka?"

"Ndalama ndi zanu amayi," anatero a Blasius. Anabwerera chammbuyo mpaka msana unagunda chitseko, kuti nsapato, tebulo ndi zenera zikwane. Maness anaika dzanja limodzi pa telefoni ija, lina m'chiuno, n'kuumitsa nkhope, chifukwa mabwana saseka.

Chithunzicho chinali chokongola, zimenezo palibe angatsutse. Koma atachilowetsa patsamba lake Lamulungu masana, tsambalo linamupatsa kabwalo kaja kuti asankhe mbali yoti ioneke. Anayesa kukoka kuti nkhope ikule, ndipo suti inadukira pamapewa, nsapato ndi tebulo zinasowa, nkhopeyo n'kuyamba kuoneka mwachimbuuzi. Anabweza msanga mpaka zonse zinalowa. Jasten, amene ankachonga makope pakhonde, anasuzumira pafoniyo.

"Ameneyo ndi ndani?"

"Simukundiona?"

"Ndikuona suti ya achemwali anga ndi magalasi anga. Nkhopeyo ikuchita ngati njere ya nandolo."

"Inu chongani makope," anatero Maness, n'kutumiza fomu yake.

Anadikira milungu itatu. Foni ikalira ali pakati poyeza fetereza ankasiya sikelo n'kuthamangira kuseri, koma ankapeza ndi a komiti ya ukwati kapena uthenga wa bandulo. Imene inalira tsiku lina m'mawa inali ya Zaina, kunena kuti amuitana ku intavyu. Maness anati zikomo kwambiri, Mulungu atsogole, ndipo mawu ake anamveka bwinobwino. Tsiku limenelo anakalipira mlimi wina chifukwa chofunsa mtengo kawiri. Patapita milungu ina iwiri Zaina anaimbanso, akulira ndi chimwemwe, Chichewa ndi Chiyao zikusakanikirana. Ntchito anamulemba.

Kuyambira pamenepo Ulongwe unamuchepera Maness. Bambo ake a Zaina ankaimitsa makina kuti amuuze mmene mwana wawo akuyendera. Amayi ogula mbewu ankati, "Mnzanu uja tamuona pa njinga yamoto, atavala chipewa cha chitsulo." Iye ankamwetulira mpaka masaya kuwawa. Ankatsegula tsamba la Zaina kangapo patsiku kuti aone kankhope kaja kali phee m'kabwalo kake, pansi pake patalembedwa dzina la bungwe. Chinkamupweteka kwambiri n'choti sakanatha kudandaulira munthu aliyense, ngakhale Jasten. Ukanena kuti chiyani? Kuti ndinafuna kumugwetsa mnzanga koma ndinamukweza?

Loweruka lina mu Januwale, mvula itangokata, njinga yamoto inaima pakhomo pa sitolo. Zaina anavula chipewa, n'kukonza mpango wake, n'kulowa akuseka. Anali atanenepako pang'ono. Anamukumbatira Maness, kenako anatulutsa m'chikwama kaphukusi ka pepala.

"Bambo asoka. Bulauzi yabuluu, yosalemba, muyezo wako akuudziwa. Usafunse, tamvera kaye."

Anakhala pa thumba n'kufotokoza. Bungwe lija linkatsegula ntchito ina, ya mlangizi wa dera la Ulongwe lomwelo, ndipo chilengezo chituluka mawa lake. Zaina anali atawauza kale a Wyson, mkulu woona zolemba anthu ntchito, kuti kuli munthu wodziwa mlimi aliyense wa kuno ndi dzina, wodziwa mbewu ndi mankhwala kuposa buku.

"Ndipo ndinawauza kuti chithunzi chija unandisankhira ndiwe. Ukudziwa zimene ananena? Akuti mafomu analipo oposa mazana awiri. Atapatula a mapepala oyenera anatsala makumi anayi, ndiye anayamba kutsegula masamba awo mmodzimmodzi, mofulumira. Akuti ena anaika zithunzi za paukwati, ena atatsamira galimoto, ena ali patali osaoneka n'komwe kuti ndi ndani. Akuti chithunzi sichilemba munthu ntchito, koma chimachititsa kuti uime, uwerenge zimene walemba. Changa akuti anaona munthu woti mlimi angamuuze mavuto ake. Tsiku la intavyu anandizindikira ndili pageti." Zaina anagwira dzanja la mnzake. "Chemwali, ndikanaika cha ku Mangochi, bwenzi pano ndikuyezabe ana ulele. Ndiye lero ndi nthawi yako. Bweretsa foni, tikutsegulire tsamba."

"Iyayi, foni yanga yadzaza," anatero Maness. "Tidzapanga tsiku lina."

"Tifufuta mavidiyo a kwaya. Bweretsa."

Foniyo inali pakauntala, ndipo Zaina anali ataitola kale. Nambala yotsegulira ankaidziwa, poti inali chaka chimene onse awiri anabadwa. Anayamba kufufuza poti atsitsire pulogalamuyo, kenako chala chake chinaima.

"Ilipo kale," anatero. "Unatsegula liti?"

Zaina anadina, ndipo tsamba linatseguka. Pamwamba panali kabwalo, m'kabwalomo muli kamunthu kofiirira ka magalasi akuda, kataima pambali pa tebulo. Anadina pachithunzipo kuti chikule. Anachiyang'ana nthawi yaitali: nsapato zagogoda, telefoni, nyumba zosanjikizana za pansalu.

"Unalembera nawo ya ku Balaka ija?"

"Eya."

"Palibe cholakwika. Ukanangondiuza, tikanapita limodzi pa netiweki." Anayang'ananso pafoni, ndipo Maness anaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono, ngati mmene inkachitira kale akamamvetsa samu imene yamuvuta sabata yonse. Zaina ankachedwa kumva zinthu, koma akamva ankamva mpaka pansi. "Ichi unajambulitsa utandisankhira kale changa chija?"

"Loweruka lake."

"Ndiye ngati chabwino chinali chopanda galimoto, chopanda nsapato, iwe unaikiranji ichi?"

Mabodza analipo oti anene. Akanati Jasten ndi amene anaumirira, kapena wojambula anamunyenga. Koma pakamwa paja, pamene mu Okutobala panatuluka zifukwa zisanu mosapumira, panauma gwa. Anangoyang'ana pansi, pamene panatayikira timibulu ta fetereza.

"Unkaganiza kuti cha ku Mangochi ndiye chabwino," anatero Zaina, motsitsa mawu. Silinali funso. "Ndiye unandipatsa chimene unkachiona choipa."

"Unaoneka bwino kwambiri pa chija," anatero Maness. Chinali choona chokha chimene anatha kunena, ndipo misozi inali pafupi.

Kunja kondakitala ankaitanira anthu a ku Mangochi. Zaina anaika foni ija pakauntala pang'onopang'ono. Maness ankayembekezera kuti atenga kaphukusi kake n'kutuluka, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma Zaina anamasula pepalalo, n'kutambasula bulauzi, n'kuikutumula.

"Kavaleni," anatero. "Ndinawalonjeza a Wyson kuti mulembera."

Chibadwire cha ubwenzi wawo Zaina anali asanamuyankhulepo Maness mwaulemu wotere. Maness analowa m'chipinda chosungiramo katundu n'kuvala. Bulauziyo inamukhala ngati anabadwa nayo. Atatuluka, Zaina anamutsogolera kuseri kwa sitolo, kumene khoma linali losalemba ndipo dzuwa silinkafika. Anamuimika kutali pang'ono ndi khomalo kuti pasakhale chithunzithunzi, anapukuta galasi la foni ndi nsonga ya mpango, n'kukweza foniyo kufika pa msinkhu wa maso a Maness, iye atanyang'ama ndi zala za kumapazi chifukwa cha kufupika.

"Mapewa atembenuke pang'ono. Maso kuno. Mwetulirani."

Maness anayesa, koma kumwetulirako kunakana.

"Ganizani za mwana wanu."

Anajambula zitatu. Anaziyang'ana mofatsa, kenako anazitumiza pa foni ya Maness m'njira yoti zisachepe mphamvu.

"Chachiwiricho ndiye chabwino," anatero. "Choyamba mwatsinzina, chachitatu mukuoneka ngati mukulira. Chachiwiri. Ine ndikunena zoona."

Fanta imene Maness anatsegula Zaina anaikana, akuti akuthamangira mvula. Anavala chipewa chake, n'kuliza njinga, n'kulowera cha ku Liwonde.

Maness anaika chachiwiricho. Sanachikonde, ndipo mpaka lero sachikonda, koma anamuitana ku intavyu, ndipo poti alimi a Ulongwe ankawadziwadi ndi mayina, ntchito anaipeza mwezi wa Malichi. A Hassani anadandaula masiku awiri n'kulemba mphwawo. Kwa Nsamala kunali nthungululu, amayi ake akuuza aliyense kuti aphunzitsi aja sananame. Mpando wake suzungulira, ndi wa njinga yamoto, koma ndi mpando ndithu.

Lolemba lililonse alangizi onse amakumana ku ofesi ya ku Balaka, ndipo awiriwa amakhala tebulo limodzi. Zaina samusungira mkwiyo woonekera. Amamupatsa moni ndi manja awiri, amafunsa za Jasten ndi mwana, ndipo ripoti la Maness likachedwa amamukumbutsa mwakachetechete bwana asanafunse. Anzawo a muofesi amati awiriwa amalemekezana bwanji.

Mwezi wathawu Zaina analengeza kuti akukwatiwa ndi mnyamata wina wa ku Ntaja, Abdulrahim. Nthawi ya tiyi anatulutsa foni, muli nsalu zitatu zoti asankhepo ya komiti. Foniyo inayenda kuzungulira tebulo, kwa mlembi, kwa alangizi anzawo, kwa a Wyson, mpaka kwa dalaivala amene amavala masokosi osiyana. Aliyense ananena yake. Maness anali ataona kale ali patali kuti yobiriwirayo ndiye yabwino, ndipo ulendo uno akananena zoona. Anapukuta manja pa siketi, kudikira. Itafika kwa amene anakhala pambali pa Maness, Zaina anatambasula dzanja mwaulemu, n'kuilandira, n'kuibwezera m'chikwama.